Ndalama za imfa ya bambo a ana: muyambe ndi nyumba, kombi idikire

Funso: "Amuna anga anamwalira miyezi iwiri yapitayo. Ku ntchito kwawo andipatsa madola a ku America 18,000 a inshulansi ya moyo. Ndili ndi ana atatu, wa zaka 9, wa zaka 6 ndi wa zaka 2. Tikukhala ku Mufakose m'nyumba ya kansolo yomwe idakali m'dzina la malemu, ndipo ukwati wathu unali wa ankhoswe, wopanda mtchatho. Ine ndimasoka, ndimapeza madola ngati 150 pa mwezi, koma pakhomo pamafunika 330, kuonjezapo 500 pa chaka ya sukulu. Alamu anga akuti tigule kombi yonyamula anthu ya 11,000 izindipatsa 50 pa tsiku, pomwe achimwene anga akuti nditumize ndalama kumudzi ku Dedza akandimangire nyumba. Ndichite chiyani?"

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha chipsinjo chimene chakugwerani. Ndagwira ntchito yothandiza mabanja pa nkhani za chuma cha masiye kwa zaka zambiri muno mu Harare, ndipo chimene ndimapempha mayi aliyense wofedwa kuti ayambe wachita ndi masamu amodzi okha, omwe ndi owawa koma amatsegula maso. Ndalama zimene zikupelewera pakhomo panu mwezi uliwonse ndi madola 180, ndiye kuti pa chaka ndi 2,160. Tikaphatikiza za sukulu zikukwana 2,660. Mukati muzingotapa m'thumba lija osachita china chilichonse, lidzatha zaka zisanu ndi ziwiri zisanakwane, nthawi imene mwana wanu wamng'ono adzakhala asanafike ngakhale pakati pa sukulu ya pulayimale, ndipo wamkuluyo adzakhala akufuna ndalama za mayeso a Fomu 4. Apa sindinawerengere matenda, kukwera kwa mitengo, kapena fizi ya ku sekondale yomwe imaposa ya ku pulayimale. Anthu amene akuzungulirani akuona 18,000 ngati chuma. Inu muziyiona ngati malipiro a amuna anu a zaka zochepa omwe abwera tsiku limodzi, ndipo ntchito yanu ndi kuwasandutsa chinthu chimene chizilowetsa kangachepe mwezi ndi mwezi kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu.

Musanaganize zogula chilichonse, pitani ku ntchito kwa malemu kapena ku kampani ya inshulansi mukapemphe kalata yofotokoza kuti ndalamazi zinaperekedwa kwa yani komanso pa chifukwa chanji. Kawirikawiri ndalama za inshulansi ya moyo ya ku ntchito komanso za penshoni zimapita mwachindunji kwa anthu amene malemu anawalembetsa kapena amene ankadalira thandizo lawo, ndipo sizilowa m'gulu la katundu wogawidwa. Kalata imeneyi idzakuthandizani kuwiri. Ngati wachibale adzanena kuti ndalamazo ndi za banja lonse, mudzakhala ndi choonetsa popanda kukangana. Komanso ngati kalatayo ikunena kuti gawo lina ndi la ana, mudzadziwa kuti gawolo mukungolisunga ndipo simungaliike pa malonda oika moyo pachiswe. Mukafunsenso ngati pali ndalama za penshoni zotsalira, za masiku a tchuthi omwe malemu sanatenge, ndiponso mukapite ku NSSA, bungwe la boma la penshoni ya anthu apantchito, ndi chikalata cha imfa ndi zikalata za kubadwa za ana, chifukwa ngati malemu ankadulidwa ndalama za kumeneko, inu ndi ana muli ndi ufulu wolandira penshoni ya otsala. Imakhala yochepa, koma imabwera mwezi uliwonse, ndipo pempho lochedwa kwambiri limavuta kulilondola.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikufuna mukhalitsepo, yomwe ndi nyumba. Chinthu chamtengo wapatali chimene amuna anu anasiya si ndalama zija ayi, koma denga limene ana akugonamo usiku uno. Malinga ngati nyumbayo ili m'dzina la munthu amene anamwalira, simungaigulitse, simungaikitse pulani ya zomanga m'dzina lanu mosavuta, ndipo wachibale wochenjera akhoza kukutsogolerani ku maofesi n'kudzilembetsa ngati woyang'anira chuma cha malemu inu muli phee kunyumba mukulira. Ndaonapo zimenezi kangapo, ndipo kubweza zimene zasainidwa kale kumadya ndalama ndi zaka.

Malamulo a dziko lino ali kumbali yanu. Lamulo loyendetsera chuma cha omwalira, Chaputala 6:01, linasinthidwa mu 1997, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mkazi wa ukwati wa mwambo ndiye amatenga nyumba imene ankakhalamo pa nthawi ya imfa ya mwamuna wake pamodzi ndi katundu wa m'nyumbamo, ngati malemu sanasiye wilo. Ukwati wa mwambo wosalembetsa umazindikirika pa nkhani ya chuma cha masiye. Palinso lamulo lina, Chaputala 6:03, lomwe limati inu ndi ana mupitirize kukhala m'nyumbamo ndi kugwiritsa ntchito katundu wa pakhomo mpaka chuma chitagawidwa, ndipo munthu wokutulutsani kapena kulanda katundu akupalamula mlandu woti mukhoza kukanena ku polisi. Malire ake ndi awa: ngati pali wilo yolembedwa moyenera, Khoti la Suprimu linagamula mu 2020 kuti munthu ali ndi ufulu wopereka chuma chake kwa amene wafuna, ngakhale kumusiya mkazi wake kunja. Ndiye fufuzani msanga ngati wilo ilipo. Dziwaninso kuti ngati malemu anali ndi ana ena kunja, iwonso amawerengedwa pa chuma chogawidwa, ndipo n'kwabwino kuti zimenezi zituluke poyera tsopano kusiyana ndi kudzatulukira nyumba itasinthidwa kale dzina.

Chimene muyenera kuchita ndi kukalembetsa imfa ndi chuma cha malemu ku ofesi ya Masitala wa Khoti Lalikulu. Lamulo limati zimenezi zichitike pasanathe masiku 14 munthu atamwalira, koma musachite mantha kuti mwachedwa, chifukwa amalandirabe. Choyamba funsani ngati wina sanatsegule kale fayilo m'dzina la amuna anu. Mutenge chikalata cha imfa, chiphaso chanu, zikalata za kubadwa za ana, mapepala onse a nyumba ochokera ku kansolo, ndi mndandanda wa katundu. Pambuyo pake kumaitanidwa msonkhano wa achibale pamaso pa a ku ofesiyo kuti asankhe munthu woyendetsa chumacho, ndipo munthu ameneyo amapatsidwa kalata ya mphamvu. Pemphani kuti munthuyo mukhale inu. Banja likakanika kugwirizana, Masitala amasankha munthu wapadera wa ntchito imeneyi, ndipo malipiro ake amachokera m'chuma chomwecho cha ana anu.

Apa pali chinthu chokhudza ife a ku Malawi makamaka. Popeza mulibe mtchatho, ofesiyo idzafuna umboni wolumbira wochokera kwa achibale, makamaka a kuchimuna, wotsimikiza kuti munalidi mkazi wa malemu. Anzathu a Chishona amaonetsa mndandanda wa malowolo, koma ambiri a ife tinakwatirana mwa chinkhoswe popanda malowolo, choncho mboni zanu zenizeni ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Apezeni adakali moyo ndipo akadakukumbukirani bwino, alembe ndi kulumbira. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musayambane ndi alamu anu panopa, ngakhale maganizo awo a kombi ndikuwakana. Mukufunika siginecha yawo. Onaninso kalembedwe ka mayina, pakuti mabanja athu ambiri ali ndi Phiri pa chiphaso china ndi Piri pa china, kapena dzina la agogo pa mapepala a nyumba ndi dzina lina pa chikalata cha imfa, ndipo chilembo chimodzi chokha chimatha kuimitsa fayilo miyezi yambiri. Ngati chiphaso chanu chikadali chija chokulembani ngati mlendo, dziwani kuti malamulo aakulu a dziko a 2013 amazindikira ngati nzika munthu wobadwira muno amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'chigawo cha SADC, ndipo n'kofunika kukakonzetsa chiphasocho ku kaundula.

Zonsezi zimafuna ndalama. Masitala amatenga madola 4 pa madola 100 aliwonse a mtengo wa chuma cha malemu, ndiye tikayerekeza kuti nyumba yanu aiwerengera 25,000, mudzalipira 1,000. Kuonjezera apo pali zolengeza m'nyuzipepala ndi m'gazeti ya boma, woyeza mtengo wa nyumba, ngongole ya madzi ndi misonkho ya kansolo yomwe iyenera kutha dzina lisanasinthidwe, ndi ndalama yosinthira dzinalo. Patulani 2,000 ya zimenezi, ndipo muzitenga risiti pa khobidi lililonse. Amayi ambiri amazengereza chifukwa akuona ngati akutaya ndalama pa mapepala, pomwe ndi 2,000 yomweyo akugula chitetezo cha nyumba ya 25,000. Ngati mukufuna loya ndipo simungakwanitse, mabungwe a ZWLA ndi WLSA amathandiza amayi pa nkhani zoterezi, komanso boma lili ndi nthambi yothandiza anthu osauka pa milandu.

Za kombi ndinene mosabisa kuti musagule. Madola 50 pa tsiku amamveka bwino, koma chiwerengero chimenechi chimaiwala masiku amene galimoto ili ku galaja, matayala, inshulansi ya okwera, ziphaso za msewu, ndi zolipira za pamsewu zomwe aliyense wokwera kombi amazidziwa. Chachikulu n'chakuti inuyo simudzakhalapo pamene ndalama zikulandiridwa. Dalaivala akadzanena kuti lero sikunayende, simudzakhala ndi njira yodziwira zoona, ndipo ngati woyang'anira ndi mlamu wanu, kufunsa kokha kudzaoneka ngati mwano. Kumbukiraninso kuti mu 2020 boma linaletsa makombi a anthu wamba kuyenda okha pokhapokha atalowa pansi pa ZUPCO, kampani ya mabasi ya boma, ndipo chiletsocho chinakhala mpaka 2022. Munthu amene anaika magawo awiri mwa atatu a chuma chake m'galimoto imodzi anangoiona ikuchita dzimbiri pabwalo. Galimoto imatsika mtengo tsiku lililonse, ndipo ngozi imodzi ikhoza kuithetsa m'mawa umodzi.

Maganizo a achimwene anu ndikuwamvetsa, pakuti mwa mwambo wathu atsibweni ndiwo eni mbumba ndipo ali ndi udindo pa ana anu. Koma nyumba ya ku Dedza siidzalipira fizi ya ku Mufakose, simudzatha kuyang'anira omanga muli kuno, ndipo ndalama zikasinthidwa kukhala makwacha zimalowa m'vuto lina, monga tinaonera mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ngati mtima wanu uli wobwerera kumudzi tsiku lina, nkhani imeneyo idikire ana akule.

Chimene ine ndingachite ndikanakhala inu ndi kumanga zipinda ziwiri ndi chimbudzi chake kuseri kwa nyumba yanu yomweyo, dzina likasinthidwa, kuti muikemo maloja, anthu olipira lendi. Malo muli nawo kale, madzi ndi magetsi zilipo, muzidzaona njerwa iliyonse ndi maso anu, ndipo lendi ya muno mu Harare anthu amalipira m'madola a ku America. Tiyerekeze kuti omanga akuuzani 7,000, ndipo chipinda chilichonse chizilipidwa 70 pa mwezi. Musawerengere miyezi 12, werengerani 10, chifukwa padzakhala mwezi wopanda munthu, loja wothawa ndi ngongole, ndi zokonzakonza. Ndiye kuti pa chaka muzipeza 1,400, ndipo m'zaka zisanu ndalama zanu zidzakhala zitabwerera zipindazo zikadalipo. Ziwerengerozi muziyese nokha pofunsa anansi atatu amene ali ndi maloja komanso omanga atatu osadziwana. Ngati lendi ya m'dera lanu ili pansi kwambiri kapena mtengo womangira ukupitirira 9,000, yambani ndi chipinda chimodzi.

Pomanga pali misampha iwiri. Woyamba ndi kumanga popanda pulani yovomerezeka ndi kansolo. Amene tinalipo mu 2005 tikukumbukira mmene Murambatsvina inagwetsera zipinda za kuseri m'makomboni onse, ndipo mpaka lero kansolo imagwetsa zomangidwa popanda chilolezo. Pulani ikadindidwa, oyendera a kansolo amayenera kuona ntchitoyo pa maziko, pa khoma ndi pa denga, ndipo musalole womanga akuuzeni kuti zimenezo n'zongotaya nthawi. Msampha wachiwiri ndi kupereka ndalama zonse kwa womanga poyamba. Simenti, njerwa ndi malata muzigula nokha, ndipo womanga muzimulipira akamaliza gawo limene munagwirizana polemba. Mukaona akupempha ndalama za denga khoma lisanafike pa mawindo, dziwani kuti ndalama zanu zikumalizira ntchito ya munthu wina. Pa chifukwa chofananacho, musakopeke ndi masitandi otchipa a m'mphepete mwa mzinda ogulitsidwa ndi makopaletivi kapena anthu ongoonetsa kapepala, chifukwa anthu ambiri amangapo n'kudzauzidwa kuti malowo ndi a boma, a sukulu kapena ndi dambo.

Tiwerengere tsopano. Pa 18,000 tachotsa 2,000 ya mapepala a nyumba ndi 7,000 yomangira. Patulaninso 2,700 yoti ikuthandizeni pakhomo ndi ku sukulu chaka choyamba, pamene zipinda zisanayambe kulowetsa kanthu, ndipo muzitapa 180 yokha pa tsiku limodzi lodziwika mwezi uliwonse ngati malipiro. Ikani pambali 1,300 ya matenda ndi zogwa mwadzidzidzi. Kwatsala 5,000. Pa imeneyi ndingapatule 500 ya chiliza ndi mwambo wa chikumbutso, ndipo ndingauze akuluakulu a mbali zonse pa msonkhano umodzi kuti ndalama ya mwambo ndi imeneyi ndipo zotsala zili ndi ntchito ya ana. Kunena chiwerengero poyera kumateteza kuposa kukana mwakachetechete munthu mmodzimmodzi. Ndingaikenso 1,000 pa ntchito yanu yosoka, osati nthawi imodzi, koma kuyamba ndi makina olimba ndi nsalu za yunifolomu nyengo ya Disembala ndi Januwale isanafike, kenako n'kuona ngati phindu lakweradi musanaonjezere. Yotsala 3,500 ikhale ya sekondale ya mwana woyamba.

Sindikufuna kukunamizani kuti apa vuto latha. Ngakhale maloja atalowa, pa chaka padzapelewerabe 1,260, kapena kuti 105 pa mwezi. Mpata umenewu uyenera kutsekedwa ndi penshoni ya NSSA ndi kukula kwa ntchito yanu yosoka. Ukapanda kutsekeka, 3,500 ija idzatha zaka zitatu zisanakwane. Choncho pakatha chaka mudzakhale pansi ndi kabuku kanu. Ngati mukutapabe m'thumba la sekondale kuti mugule ufa, ndiye kuti nthawi yakwana yoti mubwereketsenso chipinda chimodzi cha m'nyumba yaikulu kapena muchepetse zina, osadikira kuti thumba liume.

Funso lotsala ndi lakuti ndalama zimene zikudikira ntchito yake muzisunge kuti, ndipo muno mu Zimbabwe funso limeneli ndi lolemera kuposa kwina kulikonse. Makolo athu amene anagwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi anaona penshoni zawo zikusungunuka mu 2008. Mu Febuluwale 2019 ndalama zomwe anthu anasungitsa ngati madola a ku America zinasandutsidwa ndalama ya dziko lino yotchedwa madola a RTGS pa mtengo wa imodzi kwa imodzi, ndipo posakhalitsa zinatsala zopanda mphamvu. Ndalama yatsopano ya dziko lino ya ZiG inayamba mu Epulo 2024, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho inatsitsidwa ndi zoposa 40 peresenti. Chotero musalole kuti ndalama zanu zisinthidwe kuchoka m'madola a ku America pofuna chiwongoladzanja chooneka chachikulu. Zisungeni mu akaunti ya nositiro, yosungira ndalama zakunja, ya m'dzina lanu lokha, ku banki yaikulu yolembetsedwa, ndipo ndi bwino kuzigawa m'mabanki awiri, pakuti mabanki angapo anatsekedwapo muno ndipo bungwe loteteza osungitsa ndalama limabweza mpaka malire ena ake okha. Funsani kuti akaunti imadula zingati pa mwezi ndi potapa, chifukwa ndalama zongokhala zimadyeka ndi zodulazo. Musasunge zonse m'nyumba, pakuti aliyense amene anabwera pa maliro akudziwa kuti mwalandira kanthu, ndipo nambala yachinsinsi ya khadi isadziwike kwa wina aliyense. Dziwaninso kuti lamulo lolola kugwiritsa ntchito madola a ku America linaikidwa mu 2023 kuti lifike 2030. Ichi ndi chifukwa china chimene ndikufunira kuti gawo lalikulu likhale njerwa osati manambala a mu akaunti, ndipo 3,500 ya sekondale muzidzaiunikanso chaka ndi chaka.

Kudzabwera anthu, ena a ku mpingo kwanu komwe, okuuzani za malo oika ndalama n'kumalandira 20 kapena 30 peresenti pa mwezi kudzera pa foni. Anthu ambiri muno anataya ndalama mu 2023 pamene kampani yotereyi ya E-Creator inagwa. Chizindikiro chake sichisintha: phindu lolonjezedwa lomwe palibe malonda enieni angalipereke, kukulimbikitsani kubweretsa anzanu, ndi kukufulumizitsani kuti mwayi ukutha mawa. Aliyense wokugulitsani inshulansi kapena ndondomeko yosungira fizi ya ana, kafunseni ku IPEC, bungwe loyang'anira za inshulansi ndi penshoni, ngati kampani yake ndi yolembetsedwa, ndipo muonetsetse kuti chikalata chikunena ndalama ya dziko liti imene adzakulipireni. Mukando, womwe kwathu timati chipereganyu, ndi wabwino pa ndalama zing'onozing'ono zochokera m'ntchito yanu yosoka, koma thumba la ana lisalowemo, ndipo lisabwereketsedwe mwa katapila ngakhale wobwereka atalonjeza zotani.

Chomaliza n'chovuta kuchimva pamene misozi isanaume, koma anawa tsopano atsala ndi kholo limodzi. Nyumba ikangolowa m'dzina lanu, lembani wilo yonena kuti ndi ya ana atatuwo, mutchule munthu amene mukufuna kuti adzawalere ndi wina woyendetsa chuma, musaine pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizidzalandira kanthu m'wiloyo, ndipo mukaisungitse ku ofesi ya Masitala kapena kwa loya. Ngati mudzakwatiwanso, zomwe ndi ufulu wanu, wilo imeneyo mudzailembenso ukwati ukachitika, chifukwa ukwati watsopano ukhoza kuifafaniza, ndipo mutadzamwalira popanda wilo, lamulo lomwe likukupatsani nyumbayi lero likhoza kudzaipereka kwa mwamuna watsopanoyo m'malo mwa ana a malemu.